Tageti taiphonya, Lolemba ndikawauze chani anyamata anga?

NaPhiri_waLimbe
Abale ndithandizeni maganizo. Ndine manijala wa malonda pa kampani ina yogawa katundu kuno ku Limbe, sopo, mafuta ophikira, mchere, machesi ndi zina za m'golosale, dzina sinditchula. Kota ya Januwale mpaka Malichi anatipatsa tageti ya K600 miliyoni ife tagulitsa K468 miliyoni basi. Lolemba mmawa tili ndi miting'i yotsegulira kota yatsopano ndipo abwana akuti ndiyankhule mphindi zisanu anyamata asanakwere mavani. Mavani ndi 8, aliyense ali ndi wogulitsa ndi dalaivala wake. Ndalemba chonchi: "Anzanga, kota yathayi sitinachite bwino ndipo akuluakulu sanasangalale. Koma zapita zapita, tiyeni tiiwale, tigwirane manja tilimbikire. Ine ndimakukhulupirirani nonse. Kota ino tikufuna tipyole tageti." Mukuiona bwanji? Mtima wanga sukukhazikika nayo koma sindikudziwa chomwe chikusowa.

Kabaza77
Asisi imeneyo ndi ya pa maliro kkkk, angotsala ndi kuimba nyimbo basi

Chiko_waNdirande
Ine ndinali mu vani zaka zambiri ndipo mawu oti "tiiwale" ndi amene ankandinyansa kwambiri. Tiiwale bwanji komishoni sitinalandire? Inuyo salale yanu yalowa yonse, ife tapita kunyumba ndi theka, ndiye mukubwera kudzatiuza kuti zapita zapita. Zimenezo muchotse chonde.

MadalaWaMaluti
Mayi NaPhiri, vuto la sipichi yanu ndi loti ingathe kuyankhulidwa ku kampani iliyonse, ngakhale ku timu ya mpira. Mulibe chanu mmenemo. Musanalembe liwu lina lililonse mundiyankhe kaye funso ili: K132 miliyoni yomwe yasowayo yasowera pati? Ndikutanthauza muigawe. Ingati yatayika chifukwa katundu munalibe mu sitoko, ingati chifukwa kasitomala wamkulu anasiya kugula, ingati yatayikira pa msewu pomwe anyamata anali ndi katundu mu vani koma sanagulitse. Anthu amene akhale patsogolo panu Lolemba akudziwa kale yankho lake, mwina kuposa inu, ndipo akungodikira kuti aone ngati nanunso mukulidziwa. Mukangoti "sitinachite bwino" iwo amva kuti mlandu wonse mwauika pa iwo.

NaPhiri_waLimbe
Zikomo madala. Ndakhala pa malipoti kuyambira masana. Mafuta ophikira anatithera mu Febuluwale masabata atatu, ife mwezi wabwinobwino mafuta timagulitsa cha m'ma K80 miliyoni ndiye masabata atatuwo ndi pafupifupi K60 miliyoni. Kenako maholoselo awiri akuluakulu a mu Limbe momwemuno a ku akaunti anawatsekera ngongole kuyambira 1 Febuluwale chifukwa sanalipire za Disembala, aliyense amatenga katundu wa K10 miliyoni pa mwezi, miyezi iwiri ndi K40 miliyoni. Ndiye 60 ndi 40 ndi 100, yotsala 32 ndi ya anyamata.

MadalaWaMaluti
Mwayamba bwino koma pa mafutapo musafulumire. Katundu akasowa kenako nkubwera, ena mwa makasitomala amagula mowirikiza kuti adzadzitse mashelefu, ndiye si ndalama yonse yomwe inatayika. Taonani mafuta a Malichi anayenda bwanji.

NaPhiri_waLimbe
Malichi mafuta ndi K92 miliyoni. Ndiye kuti 12 inabwerera eti? Zikatero mafuta atidya 48, maholoselo 40, ya pa msewu yakwera yafika 44.

MadalaWaMaluti
Ndi momwemo. Tsopano taonani chimene mwapeza. Pa K132 miliyoni, K88 miliyoni si ya anyamata a mu vani, ndi ya ku ofesi: ogula katundu ndi a ku akaunti. Yawo ndi K44 miliyoni. Mukaima patsogolo pawo munene zimenezi poyera, ndipo muyambe ndi ya ku ofesi, chifukwa munthu amene anakhala masabata atatu akutukwanidwa ndi eni magolosale kuti mafuta ali kuti sangamve china chilichonse mpaka mutavomereza kuti zimenezo zinachitika.

Kenako 44 ija musaisiye ili mamiliyoni, palibe amene amadzuka mmawa nkukagulitsa miliyoni. Igaweni ndi mavani 8, aliyense K5.5 miliyoni. Igaweninso ndi masiku ogwira ntchito, tinene 72 ngati mumayenda ndi Loweruka lomwe, mupeza cha m'ma K76,000 pa vani pa tsiku. Golosale imodzi kwa inu imatenga katundu wa zingati ikaoda? Ngati ndi K40,000 ndiye kuti nkhani yonse ndi ya magolosale awiri oonjezera pa tsiku. Mnyamata mukamuuza kuti tasowa K132 miliyoni amangoyang'ana pansi, mukamuuza kuti mashopu awiri pa tsiku amayamba kuwerenga m'mutu kuti pa Lunzu paja pali awiri omwe ndimawadumpha.

Chiko_waNdirande
Apa madala mwalasa. Tinkawadumphadi, makamaka a m'timisewu ta mkati kukagwa mvula.

AkauntantiWotopa
Ayi ayi ayi, ndikukana. Musakaime pamaso pa gulu nkumati a ku akaunti ndi amene atiphonyetsa tageti. Holoselo amene sanalipire za Disembala mpaka Febuluwale mumafuna tizingomupatsabe katundu? Malonda osalipidwa si malonda, ndi mphatso. Ndipo nthawi zambiri ngongole zimenezi amazipanga ndi a malonda omwewo, kumapeto kwa kota amakakamiza kasitomala kutenga makatoni ochuluka kuti nambala ioneke bwino, kenako kasitomala katundu wamukhalira sakulipira, ife tikatseka akaunti ndiye tasanduka afiti. Mayi NaPhiri fufuzani bwino, mwina 40 imeneyo ndi Disembala amene anadya Febuluwale.

NaPhiri_waLimbe
Mmmh apa pali kachoonadi. Disembala ine ndinali ndisanakhale pa mpandowu koma ma invoyisi a pa 28 ndi 29 Disembala a maholoselo awiriwo ndi aakulu modabwitsa.

MadalaWaMaluti
AkauntantiWotopa sindinati akatchule dipatimenti ngati wolakwa. Anene zomwe zinachitika ndi zomwe zikonzedwe: akaunti ziwiri zinatsekedwa, ndalama ikutoleredwa, zitsegulidwa tsiku lakuti. Basi. Koma kubisa kuti zinatsekedwa ndiye ayi, madalaivala omwe akudziwa kale, nkhani za pa depoti siziyenda pansi.

AkauntantiWotopa
Chabwino, bola pamenepo aonjezere kuti kota ino oda ya ngongole ya sabata yomaliza idzawerengedwa ikalipidwa. Apo ayi Juni tidzakhala pompano.

BamboAkeTadala
Ine maganizo anga ndi osiyana ndi anu nonse. Mukuwanyengerera kwambiri. Muike mayina pa bolodi, woyamba mpaka wa nambala 8, wapansiyo aimirire afotokoze. Kwathu abwana ankatero ndipo tinkathamanga. Anthu akapanda kuchita manyazi sasuntha.

Chiko_waNdirande
Munkathamangadi, kuthamangira ku kampani ina kkkk

NyaGondwe_Mzuzu
Bambo ake Tadala bolodi yake muiwerenga bwanji? Wa luti ya Ndirande ndi Chirimba mashopu ali moyandikana, atha kuima malo amodzi nkugulitsa asanu. Wa ku Chigwa atsike Thabwa, adutse Nchalo mpaka Bangula, nthawi ya mvula, theka la tsiku lathera pa msewu. Mukawaika pa mzere umodzi ndi makwacha, wa mtauni azipambana chaka chonse ngakhale atakhala waulesi. Ngati mukufuna bolodi ikhale ya aliyense ndi tageti yake, ndipo yomudzudzula munthu ndi ya mu ofesi awiriwiri, osati pa bwalo madalaivala akumva. Mwamuna wamkulu wa ana anayi mukamuimika ngati mwana wa Sitandade 3 sadzakuuzaninso zoona, azingokulemberani malipoti okoma.

BamboAkeTadala
Koma mukapanda kutchula aliyense, wolimbikira uja amaona ngati thukuta lake lapita pachabe

NyaGondwe_Mzuzu
Wochita bwino mtchuleni, palibe wakana. Koma munene chimene anachita, osangoti wachita bwino tiombe m'manja.

NaPhiri_waLimbe
Pamenepa pali kanthu kena komwe sindinanene. Amene ali pansi kwambiri ndi bambo wamkulu kuposa ine, wakhalitsa pa kampanipa ndipo aliyense ankaganiza kuti mpandowu ukhala wake. Luti yake ndi ya Thyolo ndi Mulanje. Kumuimika pagulu sindingayerekeze. Amene ali pamwamba ndi kamtsikana ka luti ya Zomba, mafuta atasowa iye anayamba kulemba mu kope dzina la shopu ndi makatoni omwe akufuna, atangofika mafuta anawagawa onse masiku awiri.

NyaGondwe_Mzuzu
Ndiye nkhani ya kope imeneyo ndi yomwe mukanene. Ena atengerapo.

MphunzitsiWopuma
Pepani ndalowa mochedwa. Ngati ndi Epulo ndiye kuti ndi chaka chatsopano cha zachuma osati kota chabe, boma linasintha mu 2022 chaka chiziyamba 1 Epulo. Ndiye sipichi yanu iyenera kukhala yaitali, yofotokoza masomphenya a chaka chonse, ndipo muyambe ndi kuthokoza akuluakulu onse mwa ndondomeko.

AkauntantiWotopa
Aphunzitsi chimenecho ndi chaka cha boma, makampani ambiri amatsekabe mabuku Disembala. Apa ndi kota yachiwiri basi.

Kabaza77
Akayamba kuthokoza akuluakulu mmodzimmodzi mavani anyamuka 10 koloko, mashopu awiri aja apita kale

WaKuJoni_Mangochi
Kuno komwe ndimagwira manijala wathu amayamba ndi kufuula, tonse tiyankhe mokweza katatu, kenako nyimbo pa sipika. Poyamba ndinkaona ngati misala koma zimadzutsa thupi. Yesani asisi.

Chiko_waNdirande
Amwene pa Limbe ukafuule 7 koloko mmawa anthu asanamwe tiyi, komishoni sanalandire? Akuyang'ana ngati wagwidwa ndi mizimu. Bola awagulire mandasi.

Kabaza77
Mandasi akenso akwera masiku ano, achotsa pa bajeti ya dizilo kkkk

DalaivalaWaBangwe
Mwatchula dizilo ndiye ndilankhule. Inu mumawerenga masiku 72 ngati onse vani inayenda. Nthawi ya kusowa kwa mafuta a galimoto kumapeto kwa 2024 ife tinkagona pa mzere, vani kufika pa luti masana dzuwa litapendeka. Ngakhale pano vani ikalowa ku galaja imakhala masiku angapo kudikira sipeya. Mayi ngati mukufuna mashopu oonjezera muonenso nthawi yomwe timapakira katundu, kwathu a sitoko amatsegula mochedwa ndiye timatuluka geti 9 koloko, mwini golosale ndalama wagulira kale kwa vani ya kampani ina yomwe inafika 7.

MadalaWaMaluti
Achimwene a ku Bangwe anena chinthu chachikulu kuposa zonse tanena apa. Mwini golosale ali ndi ndalama imodzi mmawa, woyamba kufika ndi amene amaitenga. Mayi NaPhiri, anyamata anu amayenera kuyendera mashopu angati pa tsiku, akuyendera angati, ndipo pa amenewo ogula ndi angati?

NaPhiri_waLimbe
Pa pepala ndi 30. Malipoti akuonetsa 22, ogula 13. Ndipo zoona timatuluka mochedwa, kupakira kumayamba 7:30.

MadalaWaMaluti
Ndiye yankho lili pomwepo. Pa mashopu 22 akugula 13, kutanthauza kuti pa asanu aliwonse atatu amagula. Kuti ogula afike 15 simukufunika kuwaphunzitsa kunyengerera kasitomala, mukungofunika afike pa mashopu 25 kapena 26. Ola limodzi la mmawa likwanira. Ndiye mu sipichi mupereke chanu kaye: mavani azipakiridwa madzulo, geti 7 koloko. Kenako mupemphe chawo. Koma chonde musalonjeze zomwe simunagwirizane ndi a sitoko ndi alonda, katundu wogona mu vani usiku amafuna woti asayinire. Mukalonjeza Lolemba nkulephera Lachiwiri, sipichi ya Julaye palibe adzaimve.

Chinanso chomwe sindinafunse. Tageti ya 600 inaikidwa liti, ndipo mitengo munakweza pakati apa?

NaPhiri_waLimbe
Inaikidwa Novembala. Mitengo tinakweza ndi 10 peresenti kumayambiriro kwa Januwale.

MadalaWaMaluti
Apa ndiye khalani pansi. Inu mukuti mwafika 78 peresenti, 468 pa 600. Koma 468 imeneyo ndi ya mitengo yatsopano. Mukaibweza pa mitengo ya Novembala ndi cha m'ma 425, ndiye kuti pa makatoni muli pa 71 peresenti. Ndalama ikhoza kukunamizani, katoni sinama. Ambiri tinaphunzira zimenezi kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makampani ankaombera m'manja kuti tapyola tageti pomwe magalimoto akutuluka opepuka kuposa kale. Sindikuti mukawauze anyamata 71, nambala ziwiri mu mphindi zisanu zisokoneza. Koma tageti ya munthu aliyense ya kota ino mumupatse mu makatoni.

AkauntantiWotopa
Ine ndikanawauza 71 yomweyo. Kubisa chani?

NyaGondwe_Mzuzu
Komishoni yawo imawerengedwa pa makwacha, nambala yomwe akuidziwa ndi 78. Mukabwera ndi ina yotsika aziona ngati mwasintha malamulo mpira utatha.

AkauntantiWotopa
Sindikugwirizana nazobe koma pitirizani.

NaPhiri_waLimbe
Tageti yatsopano abwana poyamba amafuna 650 kuphatikizapo 132 yomwe tasowa ija, kukhala 782. Ndawakanira, tamvana pa 680. Akuti kota ino anthu akukolola, fodya akutsegula, ndalama ipezeka.

Chiko_waNdirande
Mwachita bwino kukana. Tageti ikangooneka kuti siingatheke ife tinkasiyiratu sabata yachiwiri, nkumasunga maoda abwino kuti tidzawalowetse kota inayo.

MlimiWaKuLuchenza
Abwana anuwo akuganiza za ku Lilongwe ndi Kasungu. Ndalama ya fodya yochuluka imagwera kumeneko. Kuno kwathu tiyi amathyoledwa kwambiri nthawi ya mvula, ikangotha mvula aganyu ambiri m'maesiteti amachepetsedwa, ndipo nandolo timagulitsa cha m'ma Ogasiti kupita mtsogolo. Ndiye bambo wa luti ya Thyolo ndi Mulanje uja mukamukwezera tageti mofanana ndi ena mwamupha. Ku Nchalo inde, akayamba kudula nzimbe ndalama imayenda, a ku Zomba mpunga wa ku Chilwa uwathandiza cha m'ma Juni.

MadalaWaMaluti
Ndipo werengani nokha: 468, mubweze mafuta 48, maholoselo 40, mashopu awiri aja 44, mwafika 600 ndendende. 80 yotsalayo ikudalira kukolola, simungailamule. Mu sipichi munene 680 kamodzi chifukwa aimva ndithu kwina, koma musanamizire kuti mashopu awiri okha akufikitsani pamenepo.

WaKuJoni_Mangochi
Nanga ayankhule Chizungu kapena Chichewa? Abwana akakhalapo si ndiye pafunika Chizungu

Chiko_waNdirande
Chichewa. Manijala akasinthira ku Chizungu ife tinkadziwa kuti sakuyankhula nafe, akuyankhula ndi abwana ali kumbuyo kwathu.

NaPhiri_waLimbe
Ndalembanso, tandiuzeni. Za kupakira madzulo ndalankhula ndi a sitoko avomera kuyambira Lachitatu.

"Mwadzuka bwanji nonse. Ndiyankhula mwachidule kuti mavani anyamuke. Kota yatha timayenera kugulitsa K600 miliyoni, tagulitsa 468, tasowa 132. Pa imeneyo, 48 ndi ya mafuta omwe tinalibe masabata atatu mu Febuluwale, ndikudziwa mawu omwe munalandira kwa makasitomala nthawi imeneyo. 40 ndi ya maholoselo awiri omwe akaunti zawo zinatsekedwa, ameneyo ndi mlandu wanga, ndikuthamanga nawo ine. Yotsala 44 inatayikira pa msewu, katundu ali mu vani. Tikuyendera mashopu 22 pa tsiku, ogula 13. Kota ino tageti ndi 680. Sindikunamizani, ndi yokwera, ndipo mbali ina tikudalira kuti anthu akakolola oda zikule. Chomwe chili m'manja mwathu ndi ichi. Kuyambira Lachitatu mavani azipakiridwa madzulo, 7 koloko muzikhala mutatuluka geti. Kwa inu ndikupempha mashopu 26 pa tsiku, ogula 15. Katundu akasowa, chitani zomwe anachita mnzathu wa luti ya Zomba, lembani shopu ndi makatoni mu kope, akafika muyambe ndi amenewo. Aliyense ndikhala naye payekha sabata ino tione luti yake ndi makatoni ake, maluti si ofanana. Loweruka lililonse tizionana mphindi khumi tiwerenge mashopu. Zikomo, muyende bwino."

NyaGondwe_Mzuzu
Imeneyi ndingaimvere. Koma "ameneyo ndi mlandu wanga" musinthe, si inu munapanga ngongole ya Disembala, mungoti imeneyo ndikuthamanga nayo ine. Abwana ali pomwepo angailembe mumtima.

Chiko_waNdirande
Komishoni simunaitchule asisi. Ndikulumbira dzanja loyamba kukwera likhala la zimenezo: mafuta munalibe ndinu, ndiye bwanji komishoni yathu yadulidwa? Mukhale ndi yankho.

AkauntantiWotopa
Asayerekeze kulonjeza ndalama pa bwalo popanda chikalata cha abwana.

Chiko_waNdirande
Sindikuti alonjeze. Koma kungokhala chete ngati nkhaniyo kulibe ndiye zonse zabwino ananena zija zigwera m'madzi.

MadalaWaMaluti
Ngati abwana sanayankhe, anene zomwezo: nkhani ya komishoni ya Febuluwale ndaipititsa, yankho ndikupatsani tsiku lakuti, likhale inde kapena ayi. Koma aipititsedi lisanafike Lolemba. Manambala mu sipichimo achulukako pang'ono, ine 600, 468 ndi 132 ndikanalemba pa bolodi kuti pakamwa patsale 48, 40 ndi 44.

BamboAkeTadala
Ine ndikuonabe kuti ndi yofewa. Palibe pomwe akunena chidzachitike kwa amene salephera kufika 15.

Kabaza77
Amene "salephera" apatsidwa mandasi bambo kkkk mwalemba mozondoka

BamboAkeTadala
Mwamva zomwe ndikutanthauza. Olephera.

NaPhiri_waLimbe
Za olephera ndizinena mu ofesi awiriwiri bambo, pa bwalo ayi. Abwana ndawatumizira uthenga wa komishoni, aona koma sanayankhe. DalaivalaWaBangwe ndifunseko, kwanu mukapakira madzulo makiyi a vani amagona ndi ndani, dalaivala kapena alonda? A sitoko akuti iwo katundu akangotuluka pa khomo pawo sakumudziwanso.

DalaivalaWaBangwe
Kwathu wogulitsa amawerenga makatoni ndi wa sitoko, onse asayina, loko timaika iwiri, kiyi imodzi kwa alonda ina kwa wogulitsa. Dalaivala asagwire kiyi ya kumbuyo mayi, katoni imodzi ya sopo ikasowa amayamba kudula ndi ife.